Sabata yoyeza mpweya wa osewera mpira ku Zomba

Timu ya mpira ikamakonzekera masewero a ligi, ntchito ya ife azaumoyo imakhala kuyeza thupi la wosewera aliyense: kuthamanga kwa magazi, kugunda kwa mtima, kuchuluka kwa magazi ndi mabala akale. Sabata ino tinawonjezapo kuyeza kaboni monokisaidi, mpweya wapoizoni wopezeka mu utsi wa fodya, mu mpweya umene osewera amapuma, chifukwa akochi a timu ina ya kuno ku Zomba amadandaula kuti anyamata angapo amayamba bwino koma akangobwerera chigawo chachiwiri miyendo imawalemera.

Lolemba tinayamba ndi kamakina koyezera. Ndi kakang'ono kogwira m'manja, kali ndi kapaipi ka katoni kamene timasintha munthu aliyense akagwiritsa ntchito. Munthu amakoka mpweya wambiri, n'kuugwira masekondi 15, kenako n'kuuzira pang'onopang'ono mpaka m'mapapo mutatsala pang'ono kuuma. Masekondi 15 aja ndi ofunika, chifukwa ndi nthawi imene mpweya wa m'mapapo umafanana ndi zimene zili m'magazi. Wofulumira kuuzira, kapena wouzira mwamphamvu ngati akukoleza moto, amapeza nambala yotsika yabodza. Kamakinako sitikapukuta ndi sanitaiza wa sipiriti, ndipo woyezayo asakhale atangodzola kumene m'manja, popeza fungo la sipiriti limasokoneza kachipangizo ka m'kati.

Nambala imatuluka mu ppm, kutanthauza magawo a kaboni monokisaidi pa magawo miliyoni imodzi a mpweya. Munthu wosasuta nthawi zambiri amakhala pansi pa 6. Ikafika 10 kapena kupitirira, ndiye kuti wasuta posachedwa kapena wakhala mu utsi wambiri. Kuti tidziwe peresenti ya magazi imene yagwidwa ndi kaboni monokisaidi, timachulukitsa nambalayo ndi 0.16, ndipo zimatipatsa chithunzi chokwanira. Timayeza masana osati m'mamawa, chifukwa munthu akagona usiku wonse osasuta nambala imatsika, ndipo wosuta kwambiri amatha kuoneka ngati wongolawa.

Wosewera wapakati wina, wazaka za m'ma 20, anauzira 38. Iye anati amasuta ndudu zoposa 10 patsiku, zogula imodziimodzi pa okala, ndipo yomaliza anali atasuta akubwera ku bwalo. Nambala ya 38 ikutanthauza kuti pafupifupi 6 peresenti ya himogulobini yake, chinthu chonyamula okosijeni m'magazi, inali itanyamula kaboni monokisaidi m'malo mwa okosijeni. Sanakhutire. Anatenga kamakina kopana chala koyezera okosijeni m'magazi kamene kanali patebulo, kanawerenga 98, ndipo anati, "Adokotala, nanga izi? Magazi angatu ali ndi mpweya wokwanira." Ndinamuyankha kuti, "Achimwene, kameneko sikakudziwa kusiyanitsa." Kamakina kopana chala kamaona mtundu wa magazi pogwiritsa ntchito kuwala kwa mitundu iwiri, ndipo himogulobini yonyamula kaboni monokisaidi ndi yofiira mofanana kwambiri ndi yonyamula okosijeni. Choncho kamaziwerenga pamodzi. Pa 98 paja, gawo lina ndi poizoni amene wawerengedwa ngati mpweya wabwino. Izi n'zofunika kuti aliyense wogwira ntchito m'chipatala azizikumbukira, chifukwa ngakhale munthu amene wakomoka ndi utsi wa mbaula angathe kuonetsa nambala yokongola pa chala.

Lachiwiri ndinakhala pansi ndi akochi kuti tiwerengere limodzi nkhani ya mnyamatayu, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse.

Himogulobini ndi chinthu chofiira chimene chili m'maselo a magazi, ndipo ntchito yake ndi kutenga okosijeni m'mapapo kupita naye ku minofu. Galamu iliyonse imanyamula mamililita 1.34 a okosijeni. Mnyamatayu tinamupeza ndi magalamu 15 pa mamililita 100 a magazi, kutanthauza kuti lita imodzi ya magazi ake ingathe kunyamula okosijeni wokwana mamililita pafupifupi 200. Wosewera wolimba akathamanga mpaka pamapeto a mphamvu zake, mtima umapopa malita pafupifupi 25 pa mphindi. Tikachulukitsa, magazi amayendetsa malita 5 a okosijeni pa mphindi iliyonse. Tikachotsapo 6 peresenti, ndiye kuti mamililita 300 pa mphindi sakunyamulidwa n'komwe. Munthu atakhala pansi sangazindikire, chifukwa thupi lopuma limangotenga gawo limodzi mwa magawo anayi a okosijeni amene magazi abweretsa, ndipo wotsalayo amabwerera. Koma pothamangitsa mpira minofu imakoka pafupifupi wonse, palibe wosungira. Ndiye kuperewera kuja kumaonekera poyera. Mwachidule, mlingo wapamwamba wa okosijeni amene thupi lingagwiritse ntchito umatsika pafupifupi ndi peresenti imodzi pa peresenti iliyonse ya magazi ogwidwa.

Akochi anafunsa funso labwino: utsi wa ndudu imodzi ndi wochepa, ungalande bwanji malo ochuluka chonchi? Yankho ndi lakuti kaboni monokisaidi amamatirira ku himogulobini mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200. Ngakhale atakhala wochepa kwambiri mu mpweya, akangofika m'mapapo amapambana pa mpikisano wa malo, ndipo akakhala sachoka msanga. Ndudu ya m'mawa isanachoke m'magazi, ya 10 koloko imawonjezera pamwamba pake, ndipo pofika madzulo zaunjikana.

Vuto lachiwiri ndi limene ambiri salidziwa, ndipo ine ndimaliona kuti ndi lopweteka kuposa loyambalo. Himogulobini iliyonse ili ndi malo anayi onyamulira. Kaboni monokisaidi akakhala pa malo amodzi, himogulobiniyo imasintha kaumbidwe, ndipo imagwiritsitsa okosijeni amene ali pa malo atatu otsalawo. Zili ngati minibasi imene mpando umodzi wakhalidwa ndi munthu wosatsika, ndipo munthu yemweyo wagwiranso chitseko kuti anzake asatsike pa siteji yawo. Magazi amafika ku katumba ali ndi okosijeni, koma amamutula movutikira. N'chifukwa chake munthu amene 6 peresenti ya magazi ake yagwidwa ndi utsi amavutika kuposa amene magazi ake angochepa ndi 6 peresenti chifukwa cha malungo: wa malungoyo ali ndi magazi ochepa, koma ochepawo amatula katundu wawo bwinobwino. Mkati mwa minofu namonso muli mayogulobini, amene amalandira okosijeni kuchokera ku magazi, ndipo nayenso amagwidwa ndi utsi womwewu, kuphatikizapo wa mu mnofu wa mtima.

Pa bwalo zimaoneka motere. Minofu ikaperewedwa okosijeni imayamba msanga kupanga mphamvu m'njira ina yosafuna okosijeni, imene siikhalitsa, ndipo ntchafu zimawotcha ndi kulemera pa liwiro limene mnzake wosasuta akuthamanga bwinobwino. Mtima umagunda mofulumira kuti ubwezere zimene zaperewera, ndipo nikotini wa mu ndudu yomweyo amauthamangitsanso n'kufinya mitsempha. Kuthamanga kamodzi kwa mamita 30 sikusintha kwenikweni, n'chifukwa chake wosuta amatha kunena kuti liwiro lake lilipobe. Chimene chimawonongeka ndi kubwerera mwakale pakati pa kuthamanga kumodzi ndi kwina. Mnzake akapuma masekondi ochepa n'kunyamukanso, iye amakhala atagwirabe mawondo.

Lachitatu timu inakwera msewu wa ku Chawe. Tauni ya Zomba ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndipo pamwamba pa phiri mbali zina zimadutsa mamita 2,000, kotero mpweya umapepukirako pang'ono pamene ukukwera. Anyamata amene anauzira nambala zokwera ndi amene anayamba kutsalira m'makhotamakhota, ndipo poima kugunda kwa mitima yawo kunachedwa kutsika. Zimenezi si umboni wokwanira pa zokha, popeza ena ndi olemera thupi ndipo ena sanachite masewera nthawi ya tchuthi, koma zinagwirizana ndi zimene tinayeza.

Lachinayi panabuka nkhani ina. Goloboyi wachiwiri, amene anzake onse anachitira umboni kuti sasuta, anauzira 14. Titamufunsa bwino, tinapeza kuti chifukwa cha kuzizira kwa mwezi wa Juni amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda chimene amagona, zenera lili lotseka, ndipo amadzuka mutu ukuwawa. Makala amatulutsa kaboni monokisaidi wambiri ngakhale asakufuka utsi, ndipo mpweyawu ulibe fungo kapena mtundu. Uyu tinamulankhula mwamphamvu kuposa osutawo, chifukwa mbaula m'chipinda chotseka imapha usiku umodzi wokha. Munthu akapezeka akumva mutu, chizungulire, nseru kapena kusokonezeka m'chipinda chotero, atulutsidwe panja msanga ndipo apite kuchipatala kukapatsidwa okosijeni. Tinawauzanso onse kuti fodya wopichira pamanja, chamba ndi shisha zonse zimatulutsa mpweya womwewu, ndipo shisha amawonjezerapo wa makala oyatsira aja, amene madzi a m'botolo sawachotsa. Fyuluta ya ndudu nayo siigwira kaboni monokisaidi.

Funso limene osuta onse anafunsa linali la nthawi: aleke maola angati masewero asanayambe? Munthu akamapuma mpweya wamba, theka la kaboni monokisaidi limachoka pakatha maola anayi kapena asanu, ndipo m'tulo zimachedwerapo chifukwa amapuma pang'onopang'ono. Wa 6 peresenti uja akaleka, pakatha maola asanu amakhala pa 3, pakatha maola 10 amakhala cha pa 1.5. Ndiye amene wasuta nthawi ya nkhomaliro n'kulowa m'bwalo 3 koloko masana amalowa ndi gawo lalikulu la utsi wa tsikulo. Kumwa madzi ambiri, mkaka kapena kutuluka thukuta sikuuchotsa, chifukwa njira yake yotulukira ndi mapapo okha.

Wosewera wapakati uja anavomera kuyesa kuleka kuyambira Lachinayi madzulo. Loweruka masana anauzira 5, nambala ya munthu wosasuta. Ndinamuuza zoona zake kuti zimene zabwerera ndi malo onyamulira okosijeni m'magazi basi. Timitsempha ta mpweya m'mapapo timatenga masabata kapena miyezi kuti tiphwe kutupa, ndipo chifuwa chingathe kuwonjezeka kaye pamene mapapo akutulutsa makhololo. Masiku oyambirira angavutike kugona, angamapse mtima msanga ndiponso chilakolako cha fodya chingamugwire kwambiri akatha kudya, ndipo nthawi imeneyi ndi imene ambiri amabwerera. Tinagwirizana ndi akochi kuti tizimuyeza kawiri pa sabata, masana, pa masiku amene iye sakuwadziwiratu, ndipo pakatha mwezi tidzamuthamangitse mphindi 12 pa bwalo lomwelo n'kufanizira mtunda ndi umene anathamanga timu itangoyamba kukonzekera.