Kachipinda kamene ndinamanga ndi pensulo

Nyumba imene tinasiya titasamuka inakhala miyezi iwiri yopanda munthu. Zithunzi tinali titaika pa chilengezo, koma aliyense woimba foni ankafunsa zofanana: zipindazo ndi zazikulu bwanji, nanga bafa lili mbali iti? Chithunzi cha chipinda chopanda katundu sichiyankha zimenezo, chimangoonetsa makoma oyera ndi zenera. Mayi a kunyumba anati tipeze munthu wodziwa atijambulire pulani. Ine ndinakana. Munthu woti masamu ndinkakhoza kusukulu, ndikalipire wina chifukwa cha mizere?

Loweruka m'mawa ndinanyamula tepi yachitsulo ya mamita 10, pensulo, lula, chofufutira ndi pepala lija la timabokosi. Ndinadzeranso alamu anga kuti akandigwirire tepi, pakuti tepi yaitali ukamakoka wekha imapindika pakati, n'kukubwerera ngati yakwiya.

Poyamba zinthu zinayenda bwino, ndipo apa ndidzitameko pang'ono chifukwa kutsogoloku mpata umenewo kulibe. Ndinayamba ndi chojambula chongoyerekeza, chopanda lula, choti ndizilembapo manambala. Kenako tinayeza kunja, khoma lakumbuyo kuchokera kona ina kukafika kona ina, n'kupeza masentimita 870. Titalowa m'kati, kumbuyoko kuli zipinda zitatu zondondozana: chipinda chogona chachikulu, bafa pakati, ndi chipinda chogona chaching'ono. Chachikulu chinapereka 340, chaching'ono 300. Manambala amenewa ndinawerenga ndekha ndi maso angawa.

M'bafa anthu awiri akuluakulu ndi tepi sitikanakwanamo bwino, ndiye alamu analowa okha, ine ndili pakolido ndi pensulo.

"Alamu, zili bwanji m'menemo?"

"63!"

Ndinalemba 63. Sindinafunse kuti 63 chiyani.

Usiku ndinakhala patebulo kuti ndijambule yeniyeni. Sikelo ndinasankha 1:50, kutanthauza kuti masentimita 2 papepala akuimira mita imodzi pansi. Timabokosi ta pepala langa tinali ta mamilimita 5, choncho kabokosi kamodzi ndi masentimita 25, timabokosi tinayi ndi mita yathunthu. Pa sikelo imeneyi khoma lija la 870 limakhala masentimita 17.4 papepala, lokwana bwinobwino pa A4, yemwe m'lifupi mwake ndi masentimita 21. Ndikanatenga 1:100 nyumba yonse ikanakwana pachikhatho, n'kusowa polemba manambala.

Ndinajambula bokosi lalikulu la kunja, mzere umodzi woongoka bwino mbali iliyonse. Kenako ndinayamba kulowetsamo zipinda kuchokera kumanzere: 340, mzere, 63, mzere. Chipinda chaching'ono ndinachiyambira kumanja, 300, mzere. Nditadzutsa mutu ndinaona kuti pakati pa bafa ndi chipinda chaching'ono patsala malo opanda mwini. Ndinawerengetsa: 340 kuphatikiza 63 kuphatikiza 300 ndi 703. Kunja kuli 870. Masentimita 167 analibe kwawo.

Kutsogolo, kumene kuli balaza ndi khitchini, kunatsalanso masentimita 58. Amenewo sanandivute, ndinangowapereka kwa balaza ngati mphatso. Koma 167 si kanthu koti n'kubisa pansi pa mzere. Bedi la anthu awiri likhoza kulowa pamenepo.

Chenjezo lina linabwera pomwepo, ine n'kulithamangitsa. Chitseko cha bafa ndinali nditachiyeza ndekha, masentimita 80, amene papepala ndi 1.6. Bafa langa la papepala linali ndi 1.3 osakwana bwino. Chitseko chinali chachikulu kuposa chipinda chake. Munthu wanzeru akanaika pensulo pansi n'kukagona kuti mawa akayezenso. Ine ndinatenga chofufutira n'kuchepetsa chitsekocho mpaka chinakwana.

Tsono malo otsala aja. Nthawi inali itapitirira 11 koloko, ndipo usiku maganizo a munthu amalimba mtima. Ndinayamba kudziuza kuti manambala sanama, mwina omanga anatseka malo penapake, ndani amadziwa zimene zili kuseri kwa pulasitala? Dziwani kuti m'nyumba imeneyi ndinakhalamo zaka 9. Bokosi lopanda dzina linkaoneka lonyansa papulani yokongola chotero, ndiye ndinalembamo mopepuka kuti "sitolo", ndi maganizo oti mawa ndifufuta ndikakaonetsetsa. Poti chipinda chopanda khomo chimadabwitsa, ndinachijambuliranso kachitseko, ndi kauta kaja kosonyeza mbali imene chitseko chimatsegukira. Kauta kameneko kanatuluka bwino kuposa ena onse.

M'mawa ndinadutsitsa cholembera chakuda pa mizere yonse, ndinaijambula ndi foni pafupi ndi zenera kuti pasakhale mthunzi, n'kuiika pa chilengezo. Za kufufuta zija ndinazikumbukira Lachitatu, anthu atafika kale pakhomo.

Anali bambo wachikulire ndi akazi awo. Mayiwo anali ndi pulani yanga m'manja, atachita kuisindikiza papepala, ndipo chala chawo chinali pamalo amodzi. Anati iwo ndi osoka zovala, nyumba zonse zimene aona zilibe poika nsalu ndi makina, koma iyi yokha. Balaza sanaliyang'ane n'komwe. Analunjika kukolido n'kuyamba kuwerenga zitseko, chimodzi, ziwiri, zitatu. Anayang'ana pepala. Anawerenganso chobwerera.

"Bambo, pepani, sitolo ija timalowera kuti?"

Ndinatsokomola. Mayi a kunyumba, amene pulaniyo anali kuiona koyamba, anasuzumira pepalalo, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwina eni ake akale anaitseka," ndinatero, mawu akutuluka okha.

"Eni ake akale ndi ife, bambo," anayankha mayi a kunyumba, mofatsa kwambiri. Kufatsa kumeneko ndimakudziwa.

Mlendo wamkazi uja anayamba kugogoda khoma la pakati pa bafa ndi chipinda chaching'ono, khutu ataligunditsa, kuti amve ngati m'kati muli mphako. Choipa n'chakuti inenso ndinagogoda nawo.

Amuna awo nthawi yonseyi anali chete, akuyang'ana pepala ali nalo patali ndi maso. Kenako anafunsa ngati m'nyumba muno timasamba chammbali. Anati bafa la masentimita 63 munthu wamapewa ngati ine akalowa, sopo akagwa ndiye kuti wagwa basi. Apa m'pamene ananena kuti iwo anagwira ntchito yomanga nyumba mpaka kupuma. Anapempha tepi yanga, imene mwatsoka inali ikadali pawindo la kukhitchini.

Analowa m'bafa, anakoka tepi khoma ndi khoma, n'kundiitana kuti ndiwerenge ndekha. Pamzere wa m'mwamba panali 63. Pamzere wa m'munsi, malo omwewo, panali 160. Tepi yanga ili ndi mainchesi mbali ina, masentimita mbali ina, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Alamu anawerenga zoona ndithu, kungoti anawerenga mzere wina. Pamenepo pokha masentimita 97 a sitolo yanga anabwerera kubafa.

"Kwatsala 70," anatero bambowo. "Achimwene, makoma a nyumba yanuyi ndi a pepala?"

Sindinamve msanga. Anandionetsa pulaniyo: khoma lililonse ndinalijambula ndi mzere umodzi wopyapyala, ngati kuti chipinda chikatha, chinzake chimayamba pomwepo. Koma khoma lili ndi thupi. Muyeso wa kunja umawerengera makoma onse, pamene miyeso ya m'kati imangoona mpata wa pakati pa pulasitala ndi pulasitala. Anatsegula chitseko cha bafa n'kuyeza kunenepa kwa khoma pakhomo pomwepo, pamene m'mbali mwake mumaonekera, n'kupeza 12. Anatsegula zenera la kuchipinda, tepi kuchokera m'kati kukafika kunja, n'kupeza 23. Kumbuyoko kuli makoma akunja awiri ndi am'kati awiri. Anandipatsa pensulo kuti ndiphatikize ndekha kuseri kwa pepala lomwelo, ngati mwana wa sukulu: 23 ndi 23, 12 ndi 12, zonse 70. Zipinda: 340, 160, 300, zonse 800. Pamodzi 870, ndendende nambala imene ndinayeza kunja Loweruka lija.

Mphatso ija ya balaza anaipezanso osauzidwa. Kutsogolo kuli makoma akunja awiri ndi lam'kati limodzi, 46 ndi 12, ndiye 58 amene ndinagawa mowolowa manja aja.

Anati iwo akayeza nyumba sachoka pamalopo asanaphatikize chonchi, mzere uliwonse wa zipinda paokha. Zikasiyana ndi sentimita imodzi kapena awiri, ndi pulasitala ndi kugwa kwa tepi pakati, palibe chodandaula. Zikasiyana ndi chikhatho chathunthu, pali khoma laiwalika kapena nambala yawerengedwa molakwa, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera ndi tepi, pensulo idikire. Anandionetsanso kuti pa sikelo yangayo khoma lakunja ndi pafupifupi kabokosi kamodzi kathunthu, lam'kati theka la kabokosi, ndipo ukawadetsa ndi pensulo n'kusiya mipata ya zitseko ndi mawindo yoyera, pulani imawerengeka ngakhale pafoni. Anawonjezera kuti wogwira tepi azitchula nambala ndi dzina la muyeso wake, kaya ndi mainchesi kapena masentimita, wolemba azibwereza mokweza. Apa ndinavomera mwamphamvu, poti pamenepa pokha mlandu unkaoneka ngati ukupita kwa wina.

Mayi osoka aja anapinda pepala lawo kanayi n'kuliika m'chikwama. Anati nyumba ndi yabwino, bafanso ndi lalikulu kuposa mmene ankaopera, koma iwo anabwerera sitolo. Anatsanzika mwaulemu. Amuna awo potuluka anayang'ananso kauta ka chitseko chija n'kunena kuti dzanja ndili nalo, akanakhala akadali pantchito akanandimangira.

Madzulo ndinaimbira alamu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati iwo anafunsidwa kuti zili bwanji ndipo ananena zimene anaona, za masentimita palibe anawauza. Anafunsanso ngati makoma aja anaiwalanso ndi iwo. Ndinati foni ikuduladula.

Pulani yachiwiri inanditengera ola limodzi, makoma odetsedwa bwino, zitseko zitatu kumbuyo, balaza litabweza za eni. Nyumba inapeza munthu mwezi womwewo. Koma anthu awiri amene anali atasunga pulani yoyamba m'mafoni mwawo anaimbabe kufunsa ngati m'sitolomo muli mashelefu. Ndipo mpaka lero, ndikafunsa kunyumba kuti sutikesi yakaleyi kapena njinga yothyokayi ndiike kuti, mayi a kunyumba sadzutsa n'komwe mutu.

"Kaikeni m'sitolo mwanu muja, bambo."