Mtsutso wa makala mu Fomu 3

Teremu yatha ndinachititsa mtsutso mu Fomu 3 ndipo unatha ndi madandaulo. Anapambana anali aja odziwa kukweza mawu ndi kuseketsa anzawo, pomwe amene anakonzekera bwino anabwerera m'malo mwawo atakhumudwa. Mlandu sunali wa ana, unali wanga, chifukwa ndinauza oweruza kuti "mupereke malikisi pa 20" osawauza kuti malikisiwo ndi a chiyani. Choncho sabata ino, pamene mtsutso unabweranso pa ndondomeko ya phunziro la Chichewa, ndinayambira ku pepala la oweruza, zina zonse pambuyo.

Lolemba ndinalemba mutu pabolodi: "Kugulitsa makala kuletsedwe kotheratu mumzinda wa Zomba." Ndinausankha chifukwa palibe mwana m'kalasimo amene sakhudzidwa nawo. Ena amakumana ndi njinga za makala mbandakucha pobwera kusukulu, ena fizi yawo imachokera ku makala omwewo, ndipo onse amaliona phiri mmene layerera m'mbali zina. Mawu akuti "kotheratu" ndinawaikamo dala. Lamulo la zankhalango la 1997 limaletsa kale kuotcha makala popanda chiphaso, kotero mutu wongoti "makala aletsedwe" ukanapatsa mbali imodzi mpata wongonena kuti lamulo lilipo kale, mtsutso n'kuthera pomwepo.

Kalasi yanga ili ndi ophunzira 72, ndipo olankhula mumtsutso ndi asanu ndi mmodzi okha, atatu mbali yovomereza, atatu yotsutsa. Vuto lalikulu ndi la otsalawo. Wolankhula aliyense ndinamupatsa womuthandiza kufufuza mfundo, amene pa tsiku la mtsutso amakhala kumbuyo kwake n'kumamupatsira timapepala. Kenako panali wapampando mmodzi, osunga nthawi awiri, alembi awiri olemba mfundo za mbali iliyonse pabolodi, ndi oweruza atatu. Onse pamodzi anakwana 20. Otsala 52 ndi omvera, koma nawonso ntchito yawo ndinaitchula: aliyense alembe mfundo imodzi yamphamvu ya mbali iliyonse ndi funso limodzi, ndipo makope ndidzatolera.

Mbali sanasankhe okha. Ndinaika zitsekerero ziwiri za botolo m'chipewa, wotola chofiira n'kukhala wovomereza. Mtsikana wina amene amakonda za chilengedwe anagwera mbali yoteteza makala, ndipo anabwera ku ofesi nkhope ili gwa.

"Aphunzitsi, ine zimenezi sindigwirizana nazo. Ndikanene bodza?"

Ndinamuuza kuti bodza ayi, koma akafunefune zoona zimene zili kumbali imene saikonda. Anachoka osakhutira.

Lachiwiri linali la pepala lokonzekera. Makina osindikizira analibe inki, ndiye ndinalijambula pabolodi iwo n'kukopera m'makope. Lili ndi mizati inayi: mfundo yanga, umboni wake ndi kumene ndautenga, zimene anzathu adzayankhe, ndi mmene ndidzawabwezere. Mfundo zisapitirire ziwiri pa wolankhula aliyense, chifukwa m'mphindi zinayi munthu sangalongosole bwino zoposa pamenepo. Mizati iwiri yoyamba amadzaza msanga. Wachitatu ndi umene umaonetsa amene waganiza. Mnyamata wina wa mbali yovomereza analemba kuti kudula mitengo kumaumitsa mitsinje, umboni wake n'kutchula damu la Mulunguzi limene limamwetsa mzinda wonse. Zinali bwino ndithu. Koma pa mzati wachitatu analemba kuti "palibe chimene angayankhe". Ndinamufunsa kuti kwawo amaphikira chiyani magetsi akazima. Anaseka, n'kufufuta.

Umboni ndinauikira malire. Buku la sukulu, nyuzipepala, zomva pa wailesi ndi kucheza ndi munthu wodziwa, zonsezi n'zololedwa, bola wolankhula anene kumene wazitenga. "Anthu amanena kuti" si umboni. Nambala yopanda gwero oweruza asaiwerengere, ngakhale itamveka yokoma chotani.

Tsiku limene ndimaliwerengera kwambiri ndi Lachitatu, ngakhale kuti panalibe phunziro la Chichewa. Pa nthawi yopuma ndinaitana oweruza atatu aja pansi pa mtengo n'kuwapatsa kagawidwe ka malikisi 20. Mfundo ndi umboni, malikisi 8. Kuyankha mfundo za mbali inayo, 6. Dongosolo la mawu, kutanthauza chiyambi, thunthu, mathero ndi kusunga nthawi, 3. Kalankhulidwe, monga kumveka kwa mawu ndi kuyang'ana anthu, 3. Mnzanga wophunzitsa Chingerezi anaona kuti kalankhulidwe ndakamana kwambiri. Mwina n'zoona, koma ndinaona teremu yatha kuti kalankhulidwe kamadzilowetsa kokha m'magawo ena onse. Mwana wolankhula mosadodoma amaoneka ngati ali ndi mfundo ngakhale alibe. Ukakapatsa malikisi ambiri ndiye kuti wakalipira kawiri.

Manambala okha sakwanira, woweruza ayenera kudziwa kuti 2 amasiyana bwanji ndi 5. Pa gawo loyankha tinagwirizana motere. Amene sanakhudzeko mfundo ya anzake apeze 0 kapena 1. Amene waitchula n'kungoti ndi yabodza popanda chifukwa apeze 2 kapena 3. Amene waibwereza molondola n'kuonetsa pamene yafooka apeze 4 kapena 5. Malikisi onse 6 ndi a yekhayo amene wasankha mfundo yamphamvu koposa ya anzake n'kuigwetsa ndi umboni. Wolankhula woyamba wa mbali yovomereza alibe womuyankha, ndiye iye malikisi 6 amenewa amawapeza potanthauzira mutu momveka ndi kutsekeratu njira imene akudziwa kuti otsutsa adzadzera. Mukapanda kukonza pamenepa, mbali yoyamba imalowa m'bwalo itaphonya kale malikisi popanda cholakwa.

Kenako ndinawayesa. Ndinalankhula kawiri, mphindi ziwiriziwiri. Koyamba ndinakweza mawu, ndinaponyamo miyambi itatu, koma sindinanene mfundo ngakhale imodzi yokhala ndi umboni. Kachiwiri ndinalankhula motsitsa, ndikuyang'ana papepala, koma ndi mfundo ziwiri zolimba. Awiri mwa atatuwo anapereka malikisi ambiri koyamba kuja. Nditawauza kuti andibwerezere mfundo imene anamva, anayang'anana. Apa m'pamene tinaika lamulo lakuti woweruza asalembe nambala pa gawo la mfundo kapena loyankha asanalembe mawu ochepa a zimene wolankhulayo wanena. Ngati palibe cholemba, palibenso malikisi.

Lachinayi tinangowerenga malamulo: mawu onse adzere kwa wapampando, osadula mnzako pakamwa, osanyoza munthu kapena ntchito ya makolo ake, osabweretsa mfundo yatsopano poomba mkota. Ana a ku Zomba kuno ndimawakumbutsa kuti nyumba ya malamulo inkakumana mumzinda mwawo momwemuno kwa zaka zambiri, ngakhale likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo kumeneko nakonso phungu amalankhula kudzera kwa sipikala. Zimawasangalatsa, wapampando amayamba kuyenda modzikweza.

Lachisanu tinali ndi mapiriyodi awiri ophatikiza, mphindi 80. Tisanayambe omvera 52 aja anaponya voti pokweza manja: 38 anafuna makala aletsedwe, 14 anakana. Wolankhula aliyense anali ndi mphindi zinayi, wosunga nthawi n'kumenya desiki kamodzi ikatsala imodzi, kawiri ikatha. Pakati pa olankhula ndinasiya mphindi imodzi ya chete kuti oweruza alembe, ndipo ndinawakhazika motalikirana. Zonsezi zinatenga theka la ola. Mafunso a omvera anatenga mphindi 15, kuomba mkota mphindi ziwiri mbali iliyonse.

Nkhani yonse inagona pa olankhula achiwiri. Wa mbali yovomereza ndi mnyamata wotchuka pasukulu pano, wa sewero. Anayamba ndi mfuu, nakumbutsa anthu za namondwe wa Freddy wa mu 2023, nati amene akuteteza makala akufuna phiri litigwere. Kalasi inaomba m'manja mpaka wapampando anavutika kuikhazika chete. Koma wotsutsa woyamba anali atafunsa kuti mabanja opanda magetsi aziphikira chiyani, ndipo funso limeneli mnyamatayu sanalikhudze n'komwe.

Anatsatira mtsikana uja wokana kunena bodza. Mawu ake anali apansi, akumbuyo anadandaula kuti sakumva. Anati, "A wapampando, mnzathuyu wanena kuti kudula mitengo kumagumula nthaka, ndipo ife sitikukana. Koma lamulo loletsa kuotcha makala popanda chiphaso lakhalapo kuyambira 1997, makala akulowabe mumzinda tsiku lililonse. Ngati kuletsa pakokha kukanatha vutoli, bwenzi litatha." Anapitiriza kuti anacheza ndi mayi wogulitsa makala pafupi ndi kwawo, amene anamuuza kuti makala akalandidwa pamsewu mtengo umakwera koma ogula sachepa. Anamaliza nthawi isanakwane, n'kukhala pansi akunjenjemera.

Pa pepala langa, limene sindinaliwerengere pa zotsatira, mnyamata uja ndinamupatsa 3 pa mfundo, 1 poyankha, 2 pa dongosolo ndi 3 pa kalankhulidwe, zonse 9. Mtsikanayo 6, 5, 2 ndi 1, zonse 14. Oweruza anamupatsa mtsikanayo 13, 14 ndi 15, kusonyeza kuti anamva chinthu chimodzi. Koma mnyamata uja anamupatsa 9, 10 ndi 17. Kusiyana kotere ndiko chizindikiro chakuti penapake palakwika. Nditayang'ana pepala la 17 lija, pa gawo loyankha panali 5 koma mzere wolemba zimene wayankha unali wopanda kanthu. Woweruzayo anavomera kuti anatengeka ndi m'manja muja.

Sitinakangane nazo, chifukwa tinali titagwirizana kale kuti pa manambala atatu timatenga yapakati, osati kuphatikiza n'kugawa. Yapakati pa 9, 10 ndi 17 ndi 10. Tikanaphatikiza n'kugawa patatu akanapeza 12, ndipo malikisi awiriwo anali ofunika: ovomereza anapeza 12, 10 ndi 13, pamodzi 35, pomwe otsutsa anapeza 11, 14 ndi 12, pamodzi 37. Woweruza mmodzi wotengeka akanafananitsa mbali ziwirizi.

Titaponyanso voti, 29 anafunabe kuti makala aletsedwe, 23 anakana. Pomwepo mkono unakwera kumbuyo.

"Aphunzitsi, nanga apambana bwanji pomwe ambirife sitikugwirizana nawo?"

Ndinayankha kuti oweruza sanafunsidwe ngati makala ndi abwino, anafunsidwa kuti ndani wateteza bwino mbali imene anapatsidwa, ndipo anthu asanu ndi anayi asintha maganizo kupita mbali imodzi yomweyo. Wofunsayo sanaoneke wokhutira kwenikweni, belu n'kulira.

Chimene chinandivuta ndi gawo la mafunso. Silinali ndi malikisi, ndipo wotsutsa wachitatu anazemba mafunso awiri popanda chomuchitikira. Ulendo wamawa ndidzaikapo malikisi 4 a gulu lonse. Makope 52 aja ndabwera nawo kunyumba, ndipo mwa khumi amene ndachonga pofika pano, atatu alemba mfundo ya mbali imodzi yokha.