Kalata ya makolo yomwe ndinaijambulitsa kawiri ku Nchalo

Msonkhano wa makolo watha Loweruka lapitali, ndipo ndapumako. Ndimaphunzitsa Sitandade 5 pa sukulu ina yoyima payokha kufupi ndi Nchalo, ndipo popeza ndine ndekha ndili ndi laputopu, anandisandutsa mlembi osandifunsa n'komwe.

Zonse zinayamba ndi uthenga womwe mnzanga wina, madamu a Sitandade 8, anaponya pa gulu la makolo la WhatsApp Lachinayi pa 9 Januwale 2025. Ndi munthu wabwino, makolo amawakonda, koma amalemba ngati akucheza pa mjigo. Uthengawo unali wotere: "Makolo anga okondeka mwaswera bwanji ndi dzuwali? Tiyeni tikumbukire ka balansi kaja, ena mukudzidziwa nokha. Osaiwalanso ya mayeso ija. Loweruka la mawali tikumane tikambirane zija. Ambuye akudalitseni."

Loweruka pa 11, makolo oposa makumi awiri anafika pa geti n'kupeza loko. Madamu ankanena Loweruka la sabata yotsatira. Bambo wina anachita kujomba ntchito ku minda ya nzimbe, ndipo mlonda wathu ndi amene analandira mawu onse owawa. Ena anamva "ya mayeso ija" n'kuganiza kuti ndi ya MANEB, yomwe anali atalipira kale, n'kuyamba kunena kuti sukulu ikuwadyera ndalama. Lolemba m'mawa a hedi anandiitana. "Aphunzitsi, tengani izi muzikonze zikhale kalata. Pofika mawa ituluke."

Sindinayambe ndi kulemba. Ndinakopera uthenga wa madamu papepala n'kudula mzere pansi pa chilichonse chomwe kholo lingafunse kuti "chiti?" kapena "liti?". Ndinapeza zinayi: ka balansi kaja, ya mayeso ija, Loweruka la mawali, ndi zija. Timawu ta "kaja", "ija" ndi "zija" timagwira ntchito pokhapokha wolemba ndi wowerenga akudziwa chinthu chimodzi, ndipo kholo lomwe linasowa pa msonkhano wathawo silidziwa kanthu. Ndiye ndinayenda ndi pepalalo. Kwa amene amasunga buku la malisiti ndinakatenga ziwerengero: fizi ya teremu inali K45,000, ndipo ya mayeso ija inali K6,000 ya moko wa Sitandade 8 yokha. Kwa wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi ndinakafunsa kuti "zija" ndi ziti, n'kupezeka kuti ndi nkhani ziwiri, kukonza zimbudzi za atsikana ndi makalasi a masana a Sitandade 8. Chiwerengero cha ndalama musamachitenge pakamwa pa mphunzitsi, ngakhale akhale mnzanu. Madamu anandiuza K5,000, pomwe m'buku munali K6,000.

Kenako ndi kudula. Moni wautali, dzuwa ndi madalitso ndinachotsa, koma ulemu ndinausiya. Anthu ena akamva zoti kalata ikhale ya ofesi amaganiza kuti ndiye kuopseza, amayamba ndi "Mukuchenjezedwa". Kholo si mwana wa sukulu. "Tikukupemphani" ndi "tikukukumbutsani" amakwana. Chomwe ndinachotsa osanyinyirika ndi "ena mukudzidziwa nokha". Pa gulu la anthu oposa zana, mawu amenewo ndi kuloza chala, ndipo amene ali ndi ngongole amangosiya kubwera ku misonkhano. Ngongole ya munthu imapita m'kakalata kakekake kopinda. A hedi ankafunanso ndiwonjezere kuti osamaliza fizi adzabwezedwa. Ndinawafunsa ngati komiti inagwirizana zimenezo, anati ayi, ndiye sizinalowe. Ukalemba chilango chomwe sichinagwirizanidwe, pa msonkhano ndiwe wolemba amene umaimitsidwa kuti uyankhe.

Itakonzedwa bwino inali yotere, pansi pa dzina la sukulu ndi tsiku lolembera:

Kwa makolo ndi osunga ana onse,

MSONKHANO WA MAKOLO NDI KUMALIZA FIZI YA TEREMU YACHIWIRI

Tikukuitanani ku msonkhano womwe udzachitike Loweruka, pa 18 Januwale 2025, nthawi ya 8 koloko m'mawa, m'kalasi ya Sitandade 8. Tidzakambirana za kukonza zimbudzi za atsikana ndi za makalasi a masana a Sitandade 8.

Tikukukumbutsaninso kuti fizi ya teremu ino ndi K45,000 pa mwana aliyense. Tikupempha kuti imalizidwe pofika Lolemba, pa 3 Febuluwale 2025. Ana a Sitandade 8 okha awonjezere K6,000 ya mayeso a moko. Imeneyi si ya MANEB. Lipirani ku ofesi ya sukulu kuyambira 7:30 m'mawa mpaka 1 koloko masana, ndipo musachoke osalandira lisiti.

Pansi pake dzina la a hedi, siginecha ndi chidindo.

Pa 3 Febuluwale paja sindinangopasankha. Madamu ankafuna pa 24 Januwale, koma makolo athu ambiri amadikira malipiro a kumapeto kwa mwezi, ndipo Januwale kuno ndi mwezi wowawa. Kuika tsiku lomwe ukudziwa kuti palibe angalikwanitse ndi kuphunzitsa anthu kuti makalata a sukulu ndi ongowerenga n'kutaya. Chimodzimodzi 8 koloko. Aliyense amene anakhalapo pansi pa malata a kuno ku chigwa 11 koloko ikakwana akudziwa chifukwa chake.

Ndati "itakonzedwa bwino" chifukwa yoyamba sinali choncho, ndipo apa ndi pamene mtima umandiwawabe.

Lachiwiri pa 14 ndinasiyira mnzanga kalasi, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto kupita ku Nchalo kukajambulitsa. Tili ndi ana 214. Ndinaika makalata awiri pa pepala limodzi kuti tidule pakati, ndiye mapepala anali 107, pa K150 limodzi, kukhala K16,050. Ndinali nditachenjera ndithu: ndinasindikiza limodzi dzulo lake kwa mnzanga wa pulinta, a hedi n'kusayina ndi kudinda pamenepo, kuti tisadzakhale tikudinda mapepala 214 limodzilimodzi. Nditafika, magetsi anali atazima. Mnyamata wa pashopu anati, "Abwana dikirani pang'ono, ayaka pompano." Ndinakhala pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka cha m'ma 2, shati itanyowa yonse, nditamwa madzi a m'majumbo asanu. Atayaka, makina anayamba kutafuna mapepala, mnyamata uja n'kumawasolola ngati akuchotsa minga m'nsomba. Ndinabwerera ana ataweruka kalekale. Lachitatu pa 15 linali tchuthi cha John Chilembwe. Ndinati palibe kanthu, tigawa Lachinayi.

Lachinayi m'mawa ndinapatsa atsikana awiri a Sitandade 7 lumo kuti azidula. Sipanathe mphindi zisanu, mmodzi anabwera atagwira pepala ndi manja awiri. "Aphunzitsi, pa 20 si Lolemba?" Ndinayang'ana pa foni. Lolemba. Ndinali nditalemba "Loweruka, pa 20 Januwale 2025". Kalendala yomwe ili pa khoma la ofesi yathu, ya chithunzi chokongola ija, ndi ya 2024, palibe anaichotsa, ndipo chaka chimenecho pa 20 Januwale linalidi Loweruka. A hedi anasayina osaona, ine ndinawerenga katatu osaona. Ndinangokhala pansi.

Wina anati tingokonza ndi cholembera. Pa mapepala 214? Komanso kalata yofufutidwa tsiku imabweretsa mafunso omwewo omwe tinkathawa. Ndinabwerera ku Nchalo tsiku lomwelo, K16,050 ina, ndi ya kabaza yochokera m'thumba mwanga chifukwa ndinachita manyazi kupemphanso. Makalata anatuluka Lachisanu, msonkhano uli mawa lake. Kunena zoona, kholo limayenera kupatsidwa sabata yathunthu.

Komabe muone: kulakwitsako kunaoneka chifukwa ndinalemba dzina la tsiku ndi deti limodzi. Ndikanangolemba "pa 20 Januwale", palibe akanadziwa, ndipo anthu akanabwera Lolemba. Lembani zonse ziwiri, n'kuyang'ana pa kalendala ya pa foni, osati ya pakhoma.

Ndakumbukira za masiku a teremu, zomwe ndikanayenera kuyamba nazo. Mu Disembala madamu omwewa analemba kuti "titsegulira sabata yoyamba ya Januwale". Chaka chinayamba Lachitatu, ndiye ana ena anabwera Lachinayi pa 2 atavala yunifolomu, pomwe ife tinkanena Lolemba pa 6. Masiku otsegulira ndi otsekera ine ndimakopera pa kalendala ya sukulu yochokera ku Unduna wa Zamaphunziro yomwe a hedi amasunga, ndipo ndimalemba kuti tsiku lotsekeralo ana abwera kudzatenga malipoti kapena ayi, chifukwa ndi funso lomwe limabwera teremu iliyonse. M'nyengo ino ya mvula pali chinanso. Chichitikireni cha Freddy mu Malichi 2023, pomwe sukulu zinatsekedwa, kukangoda mitambo mauthenga amayamba kuuluka akuti mawa kulibe sukulu. Tinagwirizana kuti uthenga wotseka sukulu uzichokera kwa a hedi okha, wokhala ndi tsiku lotsekera ndi lobwerera, osati "mpaka zinthu zitakhala bwino".

Pepala lokha silifika. Ana amalipinda m'thumba la kabudula mpaka kuchapidwa, ndipo agogo ambiri olera ana sawerenga, ena amamasuka m'Chisena. Ndiye ndinajambula kalata yodindidwayo n'kuiika pa WhatsApp, ndinaiwerenga pa asembule, ndipo kwa a mafoni a mabatani ndinatumiza SMS yaifupi, yosapitirira zilembo 160 kuti ipite ngati uthenga umodzi: tsiku, deti, nthawi, malo, basi. Za fizi ndinatumiza padera. Ndikanakhala ndi ndalama za mapepala, ngakhale kalatayo ndikanaigawa pawiri, chifukwa kholo likaona fizi pa kalata ya msonkhano limaganiza kuti likuitanidwa kudzakumbutsidwa ngongole. Tsiku ndi deti zikhale zofanana ponseponse, pa pepala, pa foni ndi pakamwa.

Chovuta china chinali madamu eni ake. Ndi aakulu kwa ine, anaphunzitsapo mlongo wanga. Sindikanangowatumizira kalata yokonzedwa ngati ndikuchonga kope la mwana. Ndinapita nayo kwa iwo isanadindidwe n'kunena kuti, "Madamu, taonani ngati ndasiya kanthu." Anawerenga mwakachetechete, n'kundifunsa kuti madalitso aja ndawaika kuti. Tinagwirizana kuti kalata izituluka youma choncho, iwo aziponya moni wawo pansi pake pa gulu, bola asatchulemo ndalama kapena tsiku. Deti ya pa 20 ija nawonso sanaione.

Kalendala ya 2024 ndinaichotsa ndekha pakhoma, pano ndakutira rejisitala ya Sitandade 5.