Mkodzo, puloteni ndi BP: momwe tinadziwira pamene impso za mphaka wanga zafika

Kuno ku Nchalo chiweto chikamamwa madzi pafupipafupi mu Okutobala palibe amadabwa, chifukwa dzuwa la ku Chigwa limaswa mtengo. Koma mphaka wanga wa zaka 12 ankamwa ngakhale usiku kukazizirako, ankakodza kwambiri, ndipo msana unayamba kuonekera mafupa. Ndinamutsekera m'dengu n'kukwera naye mapiri kupita kwa dokotala wa ziweto ku Blantyre.

Adokotala anapeza kuti thupi lake lauma, koma sanathamangire dilipi. Anayamba atenga magazi, kenako anakoka mkodzo ndi jakisoni kuchokera m'chikhodzodzo. Ndondomeko imeneyi ili ndi chifukwa. Mphaka akasowa madzi m'thupi, kiriyatinini, chinyalala chimene impso zimasefa, amakwera m'magazi ngakhale impsozo zili bwino. Chimene chimasiyanitsa ndi mkodzo. Impso zamoyo zimaumira madzi, choncho mkodzo umatuluka wochepa ndi wokhuthala, ndipo pa kachida koyezera umapitirira 1.035. Impso zofooka zimangotaya madzi ngakhale thupi likuwafuna. Dilipi ikalowa kale mkodzo umasungunuka, umboni n'kutha.

Wa mphaka wanga unali 1.018, thupi lili louma chonchobe. Shuga munalibe, ndipo anayezanso chithokomiro, poti matenda ake amavuta amphaka okalamba ndipo amatha kubisa vuto la impso.

Kiriyatinini tsiku limenelo anali 290 µmol/L. Pa muyezo wa IRIS, umene madokotala a ziweto amatsata poona pamene matenda a impso afika, gawo loyamba ndi pansi pa 140, lachiwiri 140 mpaka 250, lachitatu 251 mpaka 440, lachinayi kupitirira apo. Ine ndinawerengera ndekha n'kuti ndiye tili pa lachitatu.

"Ayi bambo, musafulumire," anatero adokotala. "Gawo sitilemba mphaka ali wouma. Abwezeretse madzi, ayambe kudya, tiyezenso."

Patapita masabata awiri kiriyatinini anatsika kufika pa 210, ndipo titabwerezanso anali 220. Gawo lachiwiri. Kwa ife a ku Chigwa mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa kutentha kwathu ndi ulendo wa pa minibasi zimaumitsa mphaka asanafike n'komwe. Anandichenjezanso kuti mphaka wowonda kwambiri nambala yake imaoneka yotsika kuposa vuto lenileni, popeza kiriyatinini amachokera m'minofu.

Kenako puloteni. Impso zabwino sizilola puloteni wambiri kudutsa kupita mu mkodzo, ndipo akamadutsa amawonjezera kuziwononga. Kapepala koviika mu mkodzo kamanama kawirikawiri pa amphaka, ndiye amatumiza ku labu kukayeza UPC, muyezo wa kuchuluka kwa puloteni mu mkodzo poyerekeza ndi kiriyatinini. Pansi pa 0.2 palibe vuto, 0.2 mpaka 0.4 ndi m'malire, kupitirira 0.4 puloteni akutayika. Asanakhulupirire nambalayo amaona kaye ngati mu mkodzo mulibe tizilombo, mafinya kapena magazi ambiri, chifukwa zimenezi zimaikweza popanda impso kulakwa. Wathu unali woyera, UPC inali 0.5, pobwereza 0.6.

BP ndiyo inafuna kuleza mtima. Mphaka amene wagwedezeka m'dengu kuchokera ku Thabwa mpaka m'tauni magazi ake amathamanga ndi mantha okha. Anatiika m'chipinda chopanda agalu kwa mphindi ngati 10, mphaka ali pamiyendo panga, asanamubaye kapena kumugwiragwira. Anamanga kalamba kakang'ono pamwendo wakutsogolo, kofanana ndi kukula kwa mwendowo, chifukwa kochepetsa kamakweza nambala. Muyezo woyamba anautaya, natenga pakati pa isanu yotsatira. Zinatuluka 175, ulendo wina 170. Pansi pa 140 ndi bwino, 140 mpaka 159 ndi chenjezo, 160 mpaka 179 BP yakwera, 180 kupita m'mwamba ndi yoopsa. Anaunikanso mkati mwa maso, poti BP imatha kuchititsa mphaka khungu mwadzidzidzi. Maso akaonetsa kuwonongeka sadikira muyezo wachiwiri, amayamba mankhwala pompo. Ake anali bwino.

Pa khadi analemba zinthu zitatu: gawo lachiwiri, puloteni akutayika, BP yokwera. Kwa ine ziwiri zomalizazo n'zimene zinali zaphindu, chifukwa ndizo zinasankha mankhwala. Anayamba ndi mankhwala a BP otchedwa amulodipini, 0.625 mg kamodzi patsiku, ndi chakudya cha impso chochepa fosifolasi, chinthu chimene impso zofooka zimalephera kutulutsa bwino. Nsomba zouma zamchere zimene ankanyenyera limodzi nafe, minga ndi mitu yomwe, ndinazisiya. Mankhwala a puloteni anati tidikire, chifukwa BP ikatsika puloteni amathanso kuchepa.

Poyezanso BP inali 150 ndipo UPC inatsika kufika 0.3, choncho mankhwala achiwiri sanawonjezere. Tikuyezanso zonse pakatha miyezi itatu, ndipo ulendo wake ndimanyamuka m'mamawa kusanatenthe, madzi ali m'botolo.