Mayina atatu a chiponde chimodzi

Lolemba m'mawa abwana anandipatsa mayina atatu omwe anatsala pa mndandanda wa chiponde chathu chatsopano, cha mtedza wa ku Chipata: Kadzutsa, Mphamvu ndi Tilawe. "Kafunseni ogula," anatero, kenako n'kuwonjezera, "koma ine mtima wanga uli pa Kadzutsa." Mnyamata amene ndimayenda naye anawamva mawu amenewo.

Tinaima pafupi ndi shopu ina ku Chilenje mu Lusaka, aliyense mbali yake. Pofika madzulo, anthu 14 mwa 20 anali atasankha Kadzutsa. Mayina amene afika kumapeto sasiyana kutali chonchi, choncho Lachiwiri ndinaima pambali kumumvetsera mnyamatayo. Anaimitsa mayi wina wonyamula jumbo ya tomato. "Amayi, taonani, Kadzutsa. Likumveka bwino, eti? Palinso awa." Mayiwo anati, "Eee, n'labwino mwanawanga," maso ali pa minibasi. Akanati chiyani kwa mwana waulemu amene waonetsa kale chomwe akufuna? Mlandu wina unali wanga: papepala lomwe tonse tinanyamula, Kadzutsa linali pamwamba, ndipo ndi lokhalo lomwe linali ndi lebulo ya chithunzi cha mtedza. Mayankho 20 aja ndinawataya.

Masana amenewo ndinasindikiza makadi atatu ofanana, zilembo zakuda pa pepala loyera, popanda chithunzi. Dzina loyamba kuonedwa kapena lomaliza kumveka limakomedwa chabe chifukwa cha malo ake, ndiye ndinawasinthasintha. Mayina atatu amasanjika m'njira zisanu ndi imodzi. Ndinakonza mafomu 60, khumi pa kasanjidwe kalikonse, ndipo pamwamba pa fomu ndinalemba ndondomeko yotulutsira makadi, kuti dzanja lisamangothamangira lomwe talizolowera.

Mawu oyankhula ndinawalembanso, osachotsa osawonjezera. Timayamba ndi kufunsa zomwe munthu wagula mwezi uno pakati pa shuga, sopo, chiponde ndi mafuta ophikira. Tikatero timapeza ogula chiponde popanda kuwaululira katundu wathu. Dzina sitiliwerenga ife, chifukwa mawu a wofunsa amakoma pa lomwe akulikonda. Timapereka khadi limodzi, munthu aliwerenge yekha mokweza, kenako timafunsa kuti, "Mutaona dzinali m'shopu, mungaganize kuti ndi katundu wanji?" Akatha makadi onse ndi pamene timanena kuti ndi chiponde, n'kufunsa lomwe angatole pa shelefu. Akabweza funso kuti, "Nanga inu mukonda liti?" timayankha kuti tiwauza akamaliza, ndipo kugwedeza mutu n'koletsedwa.

Lachitatu ndi Lachinayi tinazungulira ku Soweto, Matero ndi Mtendere. Chovuta pamsika n'chakuti ukafunsa mmodzi, anayi amabwera kudzasuzumira, ndipo woyamba kuyankhula ndiye amayankhira onse. Tinkamutengera munthu pambali pang'ono, ndipo fomu ya amene anzake amulowerera tinkaiyika padera n'kufunsa wina m'malo mwake.

Funso la "katundu wanji" ndi lomwe linatipindulira. Kwa ife a kum'mawa kadzutsa ndi chakudya cha m'mawa, basi. Koma achinyamata ambiri okulira mu Lusaka, ndi ena amene kunyumba amayankhula Chibemba kapena Chitonga, liwuli sankalidziwa. Bambo wina ku Soweto anawerenga khadilo, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu: "Awa si mankhwala aja a ife abambo?" Anthu asanu ndi awiri ananena zofanana, aliyense payekha. Mphamvu ambiri analiyesa simenti kapena chakumwa. Tilawe pafupifupi onse anati ndi chakudya.

Posankha, Tilawe linapeza 24, Kadzutsa 21, Mphamvu 15. Kusiyana kwa anthu atatu pa 60 sikunena kanthu, mawa kungathe kutembenuka, ndipo mu lipoti ndinalemba choncho. Lachisanu tinaimbira foni amene anavomera kutipatsa manambala, osawatchulira dzina lililonse, kungofunsa omwe akukumbukira. Mwa 32 amene anayankha, 25 anatchula Tilawe. Kadzutsa analikumbukira 19, ena akuseka asanalitchule.

Madzulo ndinawaikira abwana mafomu onse patebulo, a anthu asanu ndi awiri aja ali pamwamba. Anawerenga awiri, n'kuvula magalasi. "Koma Lolemba linapambana," anatero. Ndinawasonyeza pepala la Lolemba lija ndi lebulo yake. Anakhala chete pang'ono, kenako anandiuza kuti sabata yamawa ndikafufuze ku PACRA, bungwe lolembetsa mayina a makampani ndi katundu, ngati dzina la Tilawe lilibe kale mwini wake.