Masiku 33 a kontena yathu yoyamba

Ine ndi bambo akunyumba tidatsegula sitolo ya zipangizo zomangira pa Dedza boma m'chaka cha 2017, ndipo kwa zaka zisanu katundu yense tinkapikula kwa ogulitsa akuluakulu a ku Lilongwe. Misomali, penti ndi maloko zinkayenda bwino, koma matailosi ndiwo ankatipatsa kakasi, chifukwa tikaika phindu lathu pamwamba pa mtengo wa ku Lilongwe, makasitomala ankangofunsa mtengo n'kukwera minibasi kukagula okha kumene ifenso tinkagula. Mu 2023 tidagwirizana ndi alamu anga, amene ali ndi sitolo pa Lizulu, kuti tisonkhe ndalama n'kuitanitsa tokha kontena imodzi ya matailosi kuchokera ku China. Masamu onse tidawachita patebulo, koma tidawerenga makilomita osawerenga masiku.

Dziko lopanda nyanja yamchere limabwereka doko la eni, ndipo Malawi ali ndi madoko anayi oti asankhepo. Beira ndiye wapafupi: kuchokera kumeneko kufika kuno ndi makilomita osakwana 1,000, kudzera ku Inchope, Chimoio, Changara ndi Tete, kuwoloka Zambezi, kenako kukwera mapiri a ku Angonia mpaka pa Calomue, pamene pali moyang'anizana ndi chipata chathu cha Dedza. Nacala ali ndi doko lakuya ndiponso njanji yolowera pa Nayuchi. Dar es Salaam ali pa mtunda woposa makilomita 1,500 kudzera pa Songwe, ndipo Durban ali kutali kuposa onsewo, chifukwa galimoto iyenera kudutsa South Africa, Zimbabwe ndi Mozambique isanaone mbendera yathu. Kwa munthu wa ku Dedza panalibe chokambirana, tidasankha Beira.

Chimene chimatheketsa ulendo wotere ndi pangano la pakati pa mayiko loti katundu wongodutsa asalipiritsidwe msonkho wolowera m'dziko limene akudutsamo. Matailosi athu sadalipire msonkho wa Mozambique. M'malo mwake ejenti wa ku Beira adaika chikole ku kasitomu ya dzikolo, chimene amati bondi, chotsimikizira kuti katunduyo sagulitsidwa panjira, ndipo chikolecho chimamasulidwa galimoto ikatuluka pa Calomue chidindo cha pachitseko cha kontena chili chosadulidwa. Dongosolo limeneli ndi labwino ndithu, ndipo popanda ilo palibe wamalonda wamng'ono amene akadayerekeza kuitanitsa kanthu. Koma lili ndi mtengo wake. Munthu umalipira maejenti awiri, wina kudoko wina pachipata chathu, umalipira bondi, umalipira misewu ya eni, ndipo mapepala ako amawerengedwa ndi makasitomu a mayiko awiri, amodzi m'Chipwitikizi.

Chinthu chimene sitidachimvetse bwino ndi chakuti kontena si ya wogula katundu. Ndi ya kampani ya sitima, ndipo imangobwereketsedwa kwa masiku owerengeka. M'pangano lathu adatipatsa masiku 21 aulere, kuyambira tsiku limene kontena yatsitsidwa m'sitima kufikira tsiku limene yabwezedwa ku Beira ili yopanda kanthu. Tsiku lililonse lopitirira pamenepo tinayenera kulipira madola 60, chilango chimene madalaivala ndi maejenti amati demareji, kuwonjezera pa dipoziti imene tidaperekeratu. Wamalonda wa mumzinda wa Beira amatulutsa kontena m'mawa n'kuibweza madzulo. Ife tiyenera kuitengera ku Dedza n'kuibwezanso, kotero pa masiku aulerewo sabata yathunthu imathera pamsewu chabe. Ejenti adatiwerengera motere: masiku asanu otulutsira katundu kudoko, atatu a ulendo, awiri pachipata, limodzi lotsitsira, ndi atatu obwerera. Onse pamodzi 14, ndipo tidaona ngati masiku asanu ndi awiri otsalawo ndi ochuluka.

Kontena idatsitsidwa pa 23 Okutobala. Patapita masiku atatu ejenti adandiimbira foni nati, "Mayi, mapepala anu sakugwirizana. Invoisi ikunena mabokosi 890, koma chikalata cha kampani ya sitima chikunena 980. Simudaone?" Sindidaone. Wotigulitsa adatitumizira chikalatacho kuti tichione sitima isanachoke, ndipo ine ndidangoyang'ana ngati dzina la sitolo yathu lalembedwa bwino, n'kuyankha kuti zili bwino. Chomvetsa chisoni n'chakuti cholakwikacho chinali chosavuta kuchigwira. Bokosi limodzi la matailosi anayi a masentimita 60 mbali zonse limalemera pafupifupi makilogalamu 30, ndiye mabokosi 890 ndi matani 26.7, kulemera kumene kudalembedwa pa chikalata chomwecho. Mabokosi 980 akadalemera matani 29.4, zimene kontena yaing'ono siloledwa kunyamula. Munthu wina adangosemphanitsa manambala awiri. Koma kwa wakasitomu wa dziko limene katundu akungodutsa, mabokosi 90 osadziwika kumene ali ndiwo chinthu chenicheni chimene adaikidwira pamenepo, chifukwa umo ndi mmene katundu wosalipira msonkho amatsalira panjira. Sindingawadzudzule pokana kutipatsa chilolezo.

Kukonza chikalatacho kudayenera kuyambira ku ofesi ya ku China imene idachilemba, kenako kusinthidwa pa mndandanda wa katundu wa m'sitima umene udali utaperekedwa kale ku kasitomu. Zimenezi zidadya masiku 11, ndipo chilolezo chidatuluka pa tsiku la 16. Pamenepo thiraki imene tidapangana nayo idali itanyamula kale katundu wa munthu wina kupita ku Zambia, popeza mwini galimoto sangaimike matayala kudikira mapepala a eni. Ina idapezeka patapita masiku anayi. Kontena idatuluka m'doko pa tsiku la 20, litatsala limodzi lokha laulere.

Ikadali nkhani ya demareji yokha tikadapirira. Koma pa 9 Novembala 2023, kontena yathu idakali ku Beira, ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi idachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika pa 1,700. Apa ndi pamene ndidaona mmene kutalikirana ndi nyanja kumalumira kawiri. Msonkho wa kuno sawerengera pa mtengo wa kufakitale wokha, amaphatikizamo ndalama ya mayendedwe ndi inshuwalansi, kotero amene katundu wake wayenda ulendo wautali amalipiranso msonkho pa ulendowo. Zonsezo zimalembedwa m'madola n'kusinthidwa kukhala makwacha pa mtengo wa nthawi imene mapepala aperekedwa. Ndalama imene tidasungira msonkho idali yowerengedwa pa 1,180, ndipo galimoto itafika pachipata pa 15 Novembala idapezeka kuti yaperewera kwambiri.

Thiraki idaima pachipata masiku asanu tikuyendayenda kufuna ngongole. Ndinkapita m'mawa uliwonse kukapatsa adalaivala chakudya, ndipo ndinkawapeza ataphimba mutu ndi chitenje chifukwa cha chisanu cha kuno, akuwiritsa tiyi pa kambaula pansi pa ngolo, kontena yofiira ili pamwamba ndi chidindo chake. Kuchokera pamenepo kufika kusitolo yathu ndi ulendo wa mphindi zochepa, koma katundu amene adawoloka nyanja yonse sakadatha kusuntha. Tsiku lachitatu adandiuza mwaulemu kuti, "Mayi, abwana anga ayamba kuwerengera masiku oima, musadzadabwe." Zidaterodi. Kontena idabwezedwa ku Beira pa tsiku la 33. Masiku 12 opitirira adatidyera madola 720, amene pa mtengo wakale akadakhala makwacha 849,600 koma tidalipira 1,224,000, osawerengera ndalama yosungira kontena kudoko ndi ya kuima kwa galimoto. Walira mvula walira matope: matailosi tidagulitsa onse, koma phindu limene tidaona linali lochepa kuposa la nthawi imene tinkapikula ku Lilongwe.

Sindikunena kuti njira za kumadoko n'zopanda thandizo, chifukwa akuluakulu a kuno amakumbukira nthawi imene zidatsekeka. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala zidaonongeka, midzi ya Dedza ndi Ntcheu idadzaza ndi othawa nkhondo, ndipo katundu wambiri wa Malawi ankazungulira ku Durban ndi ku Dar es Salaam pa mtengo wokwera kwambiri. Mu Marichi 2019 namondwe wa Idai adasakaza Beira n'kudula msewu wochokera kudoko. Nthawi zonsezi chidatipulumutsa n'chakuti madoko ndi angapo. Komabe wamalonda wamng'ono adziwe kuti kusankhako kumachitika sitima isanachoke. Kontena ikalembedwa kuti ikupita ku Beira, kuisintha ili panyanja n'kodula moti kwa ife n'chimodzimodzi kuti n'kosatheka.

Palinso nkhani ya ulendo wobwerera, imene ndidaimvetsa mochedwa. Malawi amagula zambiri kunja kuposa zimene amagulitsa, choncho magalimoto ambiri amabwera odzaza n'kubwerera opanda kanthu, ndipo mwini galimoto amaika mafuta a maulendo onse awiri pa mutu wa woitanitsa katundu. M'miyezi imene fodya, tiyi, shuga kapena nandolo zikupita kudoko, thiraki imakhala ndi chonyamula pobwerera ndipo mtengo umakambika. Ndikaona mbatata ya kachewere ikukwezedwa pa Lizulu ndimaganiza kuti tikadakhala ndi zambiri zotumiza kutsidya la nyanja, ngakhale matailosi akadatsika mtengo, koma imeneyo ndi nkhani yoposa sitolo yathu.

Tidaitanitsanso kontena ziwiri chichokereni nthawi imeneyo. Chikalata cha kampani ya sitima chikabwera kuti tichione, ine ndimawerenga mokweza, bambo akunyumba ali ndi invoisi m'manja, ndipo timachulukitsa mabokosi ndi kulemera kwa bokosi limodzi tisanavomereze. Masiku aulere timakambirana tisanalipire, ndipo pa kontena yachiwiri tidapatsidwa 30. Ndalama ya msonkho timaisunga ndi kagawo kapamwamba. Pa kontena yachitatu tidayesa njira ina: katundu adatulutsidwa m'kontena ku Beira komweko n'kukwezedwa pa thiraki ya tenti, kontena n'kubwezedwa tsiku lotsatira, kotero demareji padalibe ndipo galimoto idali yomasuka kunyamula china pobwerera. Mtengo wake tidauona potsitsa: chifukwa chogwiridwa kawiri ndi mabampu a mumsewu wa ku Tete, mabokosi 23 adafika ndi matailosi osweka m'makona, ndipo tidawagulitsa theka la mtengo kwa mmisiri wina amene amawadula n'kuika m'mphepete mwa makoma. Alamu anga akuti nthawi ina tiyese njanji ya Nacala, koma katundu angakatsikire ku Kanengo kapena ku Blantyre n'kufunanso galimoto yomubweretsa kuno, ndipo masamu amenewo tidakali kuwachita.