Webusaiti ya mphwanga yatheka, koma za kubanki zinandiwawa

Dzulo usiku webusaiti ya mphwanga inatseguka bwinobwino pafoni ya msuweni wathu ku Joni, ndipo mtima unakhala pansi. Mphwangayu amajambula maukwati ndi zinkhoswe ku Zomba, ndipo makasitomala amene akuwafuna ndi Amalawi okhala ku Joni ndi ku Mangalande amene amakonza ukwati wakumudzi ali kunja komweko. Anthu otere sangabwere kudzaona ntchito yake. Amasankha wojambula ndi zimene aona pafoni basi.

Za maonekedwe a tsamba sindichedwapo, zimenezo aliyense amazitha. Chimene chinandidyera masiku atatu ndi domeni, dzina lija lothera ndi `.com`. Mtengo wake ndi madola khumi ndi angapo pachaka, koma kulipira kwake n'kwa khadi, ndipo langa linakanidwa kanayi. Ndinapita kubanki m'mawa, n'kukhala pamzere mpaka masana, kungouzidwa kuti khadilo silinatsegulidwe kuti lizigula za pa intaneti, ndilembe fomu. Ndinalemba. Mawa lake linakanidwanso chifukwa nambala yotsimikizira inkapita ku foni yanga yakale, ndipo panalibe anandiuza zimenezi pamene ndinali pawindo dzulo lake. Tsiku lachitatu anati ndidikire, ndalama zakunja zikuvuta. Ya minibasi yokha yamasiku atatuwo inatsala pang'ono kufika pa mtengo wa domeniyo. Zinandiwawa kwambiri.

Potsiriza analipira ndi msuweni uja. Koma apa samalani: akaunti yogulira domeni ikhale pa imelo ya wojambulayo, wolipirayo angoikapo khadi lake. Mukamusiya kuti agule pa akaunti yake, dzinalo limakhala m'manja mwake, ndipo chaka chikatha uthenga woti mulipirenso uzipita kwa iye. Akaiwala, tsamba limazima.

Ndaiwala kunena za zithunzi, pomwe ndi pamene panagona nkhani. Kamera ya mphwanga imatulutsa chithunzi cha mapikiseli 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi, chilichonse cholemera pafupifupi mamegabaiti 12. Iye anandipatsa 40, ndipo ndinaziika momwemo. Werengerani nokha: mamegabaiti 480 patsamba limodzi. Pa laputopu yanga linkaoneka lachangu chifukwa zithunzizo zinali kale m'makinamo, koma msuweni atayesa anangoona mabokosi oyera n'kutseka. Tsamba lanu muziliyesa pafoni ya munthu wina, osati pa makina amene mwapangira.

Ndinazipanikiza ndi kapulogalamu kena kaulere, vuto lina n'kubadwa. Pali chithunzi chimodzi chimene mphwanga amachinyadira, cha anankungwi atavala zitenje zofiira, dzuwa likulowa kumbuyo kwa phiri la Zomba. Patsamba kufiira kuja kunazilala ngati chitenje chochapidwa zaka zambiri, nkhope zitatuwa. Ataona anangoti, "Achimwene, ichi si chithunzi changa." Chifukwa chake n'chakuti iye amasunga zithunzi mu Adobe RGB, njira ina yosungira mitundu ya pachithunzi, ndipo kapulogalamu kaja pochepetsa kulemera kanachotsa kachizindikiro kouza foni mmene iwerengere mitunduyo. Foni ikasowa kachizindikiroka imangoyesa kuti ndi sRGB, njira wamba ya pa intaneti, ndiye zofiira ndi zobiriwira zimafooka.

Tinabwerera ku Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, n'kutulutsanso zonse. Pa `Export` tinasankha `Color Space` kukhala `sRGB`, `Quality` pa 80, ndipo pa `Resize to Fit` tinaika `Long Edge` mapikiseli 2000. Chithunzi chilichonse chinatsika kufika pafupifupi theka la megabaiti, ndipo pafoni simungasiyanitse ndi choyambacho. Chonganinso `Remove Location Info`, chifukwa zithunzi zina zimanyamula malo enieni pamene zinajambulidwa, ndipo amenewo ndi makomo a anthu. Tinakangana pa chiwerengero, iye akufuna zonse 40, koma tinatsala ndi 24, ndipo anaimbira kaye eni maukwatiwo kupempha chilolezo.

Kanthu kena kakang'ono kanatsala pang'ono kutigwetsa. Batani la WhatsApp ndinalilemba ndi nambala yoyambira ndi 0, monga timaimbirana kuno, ndipo msuweni atadina linamuuza kuti nambalayo kulibe. Imafunika kuyamba ndi 265, opanda 0 ndi opanda chizindikiro cha +:

```
https://wa.me/265XXXXXXXXX
```

Ichinso tikanachidziwa bwanji pakanapanda munthu wakunja kuyesa? Ndibwerezanso, musanapatse aliyense adiresi ya tsamba, pezani wachibale amene ali kunja alitsegule pafoni yake, adine batani lililonse. Wathu anadina usiku womwewo, foni ya mphwanga n'kulira ili patebulo. Tsiku lolipiranso domeni ndalilemba pa kalendala yakukhoma, ndipo ndiyamba kulondola za khadi kudakali mwezi wathunthu.